A Malizani ndi Zisa za Atchete

Aliyense amene anagwirako ntchito pa esiteti ija, zaka zimene azungu ankagwetsa nkhalango za ku Thyolo n'kumadzala tiyi, anawadziwa a Malizani a ku nazale. Sikuti anali chimunthu champhamvu, ayi ndithu. Anali kabambo kakafupi, ka miyendo ya matewe, kovala chikhothi chimene mzungu wina anachitaya chitatha kale. Chimene anatchuka nacho ndi pakamwa. Mukawafunsa za mvula ankadziwa, za njoka ankadziwa, za mankhwala a dzino ankadziwa, ndipo za akazi, eee, pamenepo ndiye mukhale pansi chifukwa simuchoka msanga. Chonsecho mkazi analibe.

Anawoloka Ruo ali kamnyamata pamodzi ndi Alomwe anzawo othawa nkhanza za Apwitikizi. Anayamba ndi kuzula zitsa, kenako kukumba maenje, mpaka bwana ataona kuti manja awo ndi aulemu pogwira mbande, anawaika ku nazale, m'mphepete mwa kamtsinje. Kumeneko ntchito inali kufesa njere za tiyi, kufolera mithunzi ya udzu pamwamba pa mabedi, kuzulira, ndi kuyang'anira amayi othirira. Pa ntchito yokhayi tisawanamizire, ankaidziwa.

Koma panali ntchito ina yosalembedwa imene inkawatopetsa kuposa zonse. Kumtunda kwa nazale kunali chitsamba chachikulu cha nsungwi zoweramira pamadzi, ndipo mvula ikayandikira atchete ankabwera khamu n'kumanga mudzi wawo kunsonga za nsungwizo. Atchete ndi mbalame zija zoluka zisa zolendewera, khomo loyang'ana pansi. Yaimuna ndi yachikasu chowala, nkhope yakuda ngati yapaka mwaye, maso ofiira. Yaikazi ndi yotuwa, yosaoneka bwino, mukhoza kuidutsa osaizindikira. Phokoso lake kuyambira m'bandakucha, simungamve ngakhale belu la ntchito. Ndiye m'mawa uliwonse a Malizani ankapeza zisa zogwa, zina zathunthu, zina zong'ambikang'ambika, zili mbwee pa mithunzi ndi mu ngalande ya madzi. Kusesa kunali kwa iwo.

Pa zisa zogwa zimenezi ndi pamene a Malizani anamangapo chiphunzitso chawo chachikulu. Ankatola chimodzi, n'kuchikweza m'mwamba kuti amuna onse obwera kudzanola makasu kumtsinje aone.

"Taonani, abale anga," ankatero. "Mwamuna waluka tsiku lathunthu, kumtsinje kuchisa, kumtsinje kuchisa, mlomo mpaka kutupa. Mkazi wangobwera, wasuzumira, wakoka apa, wakoka apo, basi wagwetsa. Mkazi ndi choncho, kaya wa nthenga kaya wa nsalu. Ine ndikudziwa."

Amuna ankaseka, ena n'kumavomereza, makamaka amene anali atakangana ndi akazi awo dzulo lake. Palibe amene anafunsapo ngati a Malizani anaonadi ndi maso mbalame yaikazi ikugwetsa chisa. Zoona zake n'zakuti sanaonepo. Munthu wa nazale amagwira ntchito chowerama, matako kumwamba. Ankangoti akadzutsa mutu n'kuona yaikazi ikukoka udzu wa chisa, mawa lake n'kupeza chisa pansi, mlandu n'kuthera pomwepo.

Mawu aja akuti "ine ndikudziwa" anali ndi chiyambi chake, ndipo esiteti yonse inkachidziwa. Kwawo mwamuna ndiye amapita kukamanga kwa mkazi, koma pa malo a mzungu mwambo unali wa mzungu. Kapitawo ankakulozera malo amodzi a nyumba imodzi, ndipo ukamanga yachiwiri pambali, m'mawa unkaipeza ili phulusa. A Malizani anapatsidwa malo abwino zedi, pa kachitunda kouma, pafupi ndi kasupe, pomwe anthu ambiri ankawasirira. Pamenepo anamangira nyumba mtsikana wina dzina lake Leah. Anadula nsichi zowongoka, anamanga phaso lothina, anamata bwino, anafolera udzu wosankha. Leah anabwera ndi azakhali ake, anazungulira kamodzi, analowa, anatuluka, anati zikomo. Mwezi usanathe anakwatiwa ndi munthu wa ku Khonjeni wosoka nsalu.

Munthu wina akanalira, n'kupukuta misozi, n'kulowa m'nyumba yake kumagona. Osati a Malizani. Iwo anamanga chitseko ndi luzi n'kulumbira kuti nyumbayo salowamo mpaka mkazi woyenera adzaitsegule. Ankagona m'kachisakasa ka ku nazale, pamodzi ndi makasu ndi ndowa. Nyumbayo anaisunga ngati mboni ya mlandu wawo. Aliyense wodutsa ankamuimitsa kuti aone ntchito imene mkazi anaikana. Ndipo nyumba yosasonkhedwa moto mukuidziwa: udzu unada, chiswe chinalowa m'nsichi, tsindwi linapendekeka ngati chipewa cha woledzera. Anthu anaitcha nyumba ya Leah, ndipo ngakhale ana obadwa Leah atapita kale ankaitchula choncho polozerana njira.

Pa zaka zisanu ndi chimodzi anafunsira akazi anayi. Aliyense anamutengera ku nyumba ija n'kuyamba kumulongosolera kuti apa Leah akanaika mitsuko, apa Leah akanayala mphasa, koma Leah analibe maso. Onse anayi anati akaganiza kaye, ndipo akuganizabe mpaka lero. A Malizani ankabwerera ku nazale, n'kutola chisa china, n'kuwonjezera ndime pa ulaliki.

Kenako kunabwera Alesi. Anali mayi wamasiye, wopanda mwana, amene mwamuna wake anafa ndi chifuwa chaka chimene anafika pa esiteti. Ankakhala m'nyumba ya azakhali ake, anthu asanu ndi awiri m'kanyumba kamodzi, ndipo anamuika pa gulu lothirira mbande. Sanali wolankhulalankhula. Anali ndi chizolowezi chimodzi chokha chachilendo: akamadikira kuti ndowa idzaze pa ngalande, ankayang'ana kumwamba, ku nsungwi.

A Malizani anamukonda, ndipo ulendo uno sikunali kufuna mkazi chabe monga kale. Anamukonda Alesi yemweyo, mpaka kumasowa chonena akafika pafupi, chinthu chimene anthu sanachionepo chibadwire. Anayamba kumusankhira ndowa yosadontha. Anayamba kuchapa chikhothi chija. Zaka zawo zinali zitapita, imvi zitayamba pa ndevu, ndipo mumtima ankadziwa kuti akamuphonya ameneyu, wina sadzabweranso. Anamufunsira pa ngalande pomwepo, ndipo Alesi sanakane, sanalolenso. Anati, "Ndamva, a Malizani. Ndione kaye."

Sabata yotsatira anamutengera ku nyumba ya Leah. Alesi anaimirira pakhomo, anamvetsera za mitsuko ya Leah ndi mphasa ya Leah mpaka kumapeto, anagwira nsichi imodzi, dothi la chiswe n'kuyoyoka.

Tsiku Lolemba m'mawa, amuna akunola makasu, a Malizani anatola chisa n'kuyamba ulaliki wa masiku onse, mokweza kuposa kale kuti wina wake amve. Panali Jonas, mnzawo wodula nkhuni za ku fakitale, munthu wamtali wosekerera nthawi zonse, amene mkazi wake anamwalira chaka chathacho. Iye ndiye ankavomereza kwambiri. Ulaliki utafika pa "kaya wa nthenga kaya wa nsalu," Alesi anatula ndowa.

"Pepani, a Malizani. Amene amagwetsa zisa zija si wamkazi."

Ngakhale wonola khasu analeka.

"Mwati bwanji, mayi?"

"Ndati ndi mwamuna. Wa nkhope yakuda uja. Yemwe waluka ndi yemwe amaphwasula."

A Malizani anaseka kuseka kwa munthu amene waponda minga pa gulu. "Ine zaka khumi ndi ziwiri pansi pa nsungwi izi, inu miyezi iwiri, ndiye mundiphunzitse za atchete? Munthu wamisala yekha ndi amene angagwetse nyumba yomanga yekha."

"Zaka khumi ndi ziwiri mukuyang'ana pansi," anatero Alesi, n'kusenza ndowa. "Lamulungu tikaweruka ku tchalitchi mubwere, tidzayang'ane kumwamba."

Amuna aja anaseka mpaka wina kugwetsa khasu m'madzi. A Malizani anapsa mtima sabata yonse, koma Lamulungu anabwera, chikhothi chochapa, n'kukhala pa mwala moyang'anizana ndi nsungwi, Alesi chapatali pang'ono monga mwa ulemu.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo kudekha si mphatso imene a Malizani anabadwa nayo. Koma tsikulo anapirira. Alesi anawalozera tchete mmodzi amene anali atangoyamba kuluka chisa. Tcheteyo anaulukira ku nsenjere za m'mphepete mwa madzi, analuma tsamba m'mbali, n'kuuluka nalo likung'ambika, kalamba kakatali kobiriwira kakulendewera kumlomo. Anakamanga kunsonga ya nsungwi, phazi likugwira, mlomo ukulowetsa ndi kukoka, mpaka panaoneka mkombero ngati nkhata. Pamenepo ndi pamene ankaima poluka denga ndi chipinda.

"Mwaona, akufuna udzu wauwisi," anatero Alesi. "Wouma supindika, umathyoka."

Kenako anawalozera wina amene chisa chake chinali chitatha, chobiriwira biriwiri. Wamkazi atatera pafupi, bamboyo analendewera pakhomo chadodolido, mapiko akupupuma, akulongolola ngati wogwidwa ndi mizimu. Wamkazi analowa, anakhalamo pang'ono, anakoka udzu uku ndi uku, anatuluka n'kupita.

"Ehee!" a Malizani anadumpha. "Mwaona kukoka kuja? Ndi kumene ndimanena!"

"Akuyesa ngati chili cholimba. Inu pogula mphasa simukoka? Khalani pansi."

Anakhala. Dzuwa litapendeka Alesi anawakodola n'kuloza kunsonga ina, kumene kunali chisa chofiirira, chouma, chimene iye anachiwerengera masiku asanu ndi atatu chilukidwire. Akazi atatu analowamo masiku oyamba, anatero, koma chiyambire kufiira palibe amene amateranso pafupi, ngakhale mwiniwake alendewere mpaka mutu kuwawa. Akuyang'ana choncho, mwiniwakeyo, wachikasu, wa nkhope yakuda bii, osati wina, anakwera pamwamba pa chisacho n'kuyamba kuzula. Anazula, anataya, anazula, anataya, udzu ukuuluka ndi mphepo. Posakhalitsa anafika pa mfundo zogwira nsungwi, chotsalacho n'kugwera mu ngalande ya a Malizani, thapwi. Mbalameyo sinakhale ngakhale kamphindi kolira maliro. Inapukuta mlomo pa nsungwi n'kuulukira ku nsenjere.

A Malizani kukamwa kunali yasa.

"Koma chifukwa chiyani?" anafunsa, ndipo aka kanali koyamba anthu a pa esiteti kumva kuti anafunsapo funso.

"Wamkazi amafuna chauwisi," anatero Alesi. "Chauwisi chimamuuza kuti chalukidwa dzulodzulo, sichinayambe kufumbwa, ndipo mwiniwake akadali ndi mphamvu. Chikauma chisanalolidwe, chatha ntchito. Tsono taonani, aliyense ali ndi nsonga zake ziwiri zitatu zimene amamenyera nkhondo, zopyapyala, za pamwamba pa madzi, kumene njoka imavutika kufika. Akasiya chisa chokanidwa chili pomwepo, chatsopano amanga pati? Malo ndi omwewo. Ndiye amachotsa chakale, mawa mupeza nkhata yatsopano pamenepo. Mvula isanathe ameneyu aluka zisa zoposa zala zanu."

Anaima kaye, n'kuwonjezera chapansipansi, maso ali ku nsungwi. "Sasunga chisa cha amene anamukana kuti azionetsa alendo."

Mawu amenewa anawalasa a Malizani pamtima penipeni, ndipo anachita manyazi kwambiri. Koma manyazi a munthu wa pakamwa sakhalitsa, amasanduka nzeru zatsopano. M'mutu mwawo munayamba kale kuwira: malo amodzi, nyumba yakale, udzu wauwisi. Ndiye pamene Alesi anawagwira chikhothi n'kuloza chisa china, makutu awo anali atatseka.

"Onaninso icho. Chafiira nachonso, koma sachikhudza. Mukuona wamkazi akulowa ndi ngayaye za udzu zofewa kumlomo? Akuyala m'kati. Akayala ndiye kuti walola, sanena ndi pakamwa. Chikatero mwamuna sagwetsa, chifiire bwanji, mpaka ana adzauluke. Mwamva, a Malizani?"

"Ndamva, ndamva, zonse ndazidziwa," anayankha akuyang'ana ku kachitunda kwawo. Akuluakulu anati ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo. Awa yawo khomo inali nalo, koma iwo sankalowamo.

Alesi anapita kwawo mtima uli m'malo. Munthu amene wakhala chete tsiku lonse n'kuona yekha kuti analakwa, anaganiza, ndi munthu wokhala naye. Nyumba ndi nyumba: chiswe chimathawa utsi, tsindwi limawongoledwa chilimwe, ndipo dzina la Leah lingachoke lokha mkazi wina akamatulukamo m'mawa ndi tsache. Anawauza azakhali ake, azakhali anavomera, n'kunena kuti ankhoswe adzakumana mwezi ukaoneka. Lachitatu gulu lothirira linaweruka msanga chifukwa kunagwa mvula usiku. Alesi anapita kudambo, anakumba mtsiro wakuda, anasenza maulendo atatu. Anamasula luzi la pachitseko, anasesa ndowe za mbewa za zaka zisanu ndi chimodzi, anazira pansi ponse mpaka kusalala. Kenako anakatenga mphasa yake ndi chuma chokhacho chimene anali nacho padziko, mtsuko umene amayi ake anaumba kwawo n'kuusenza pamutu powoloka Ruo. Anauika kukhoma, anayala mphasa, anamanganso chitseko monga anachipezera, n'kupita. Anafuna kuti mwiniwake apeze yekha.

Pa ulendo wachitatu wa mtsiro anakumana ndi Jonas atasenza nkhuni. Anapatsana moni. Jonas anayang'ana dengu la mtsiro, anayang'ana njira imene likulowera, n'kusekerera monga mwa masiku onse.

Madzulo a tsiku lomwelo, belu litalira, a Malizani anafika kwa Jonas akupuma mofulumira. Masiku atatu anakhala akukonza mapulani, osauza munthu.

"Achimwene, mundibwereke chingwe chanu chokokera mitengo. Ndikukagwetsa nyumba ya Leah. Alesi anandiuza mwa mwambi, ine ndamva. Akufuna yatsopano."

Jonas anakanda m'mutu. Apa ndi pamene munthu wabwino akanati, mnzanga, kasuzumire kaye m'katimo. Jonas anati, "Mutu umodzi susenza denga. Tiyeni ndikakuthandizeni."

Anafika dzuwa likadalipo. Jonas yemweyo ndi amene anati ayambire kuseri, kumene nsichi zinadyeka kwambiri, moti pakhomo sanadutsepo n'komwe, ndipo madontho a mtsiro amene anali pamenepo sanawaone. A Malizani anakwera, anamanga chingwe ku tsindwi. Anthu anayamba kusonkhana, amayi ochokera ku kasupe, amuna ochokera kumunda. A Malizani ataona gulu, ulaliki unawabwerera, watsopano.

"Abale anga, ndinkakunamizani! Si mkazi amene amagwetsa, ndi mwamuna! Mwamuna weniweni sasunga chisa chokanidwa. Taonani!"

Anakoka awiriwo. Nyumbayo sinavute n'komwe, inali itatopa kale. Inangoti pendeke, gubudu, fumbi koboo. Ndipo m'kati mwa chigumukirecho munamveka kaphokoso kena kakang'ono, kouma, kakuti phwa, kamene amayi onse anali pamenepo anakazindikira nthawi yomweyo, chifukwa palibe mkazi wosadziwa kulira kwa mtsuko ukasweka.

Fumbi litatsika, Alesi anali ataima kumbuyo kwa gulu, manja akadali akuda ndi mtsiro. Anthu anamupatukira. Anakwera pa chigumukire, anasuntha phaso, anakoka udzu wowola. Pansi pake panaoneka pozira patsopano, ponyowa, pali mizere ya zala zake. Anatulutsa mphasa yothyoka pakati. Anatola mapale a mtsuko limodzi limodzi n'kumaika m'nsalu.

A Malizani anaima ndi chingwe m'manja.

"Alesi... munati chakale amagwetsa."

"Ndinati chokanidwa."

"Simunandiuze kuti mwalowa."

"Ndinakuuzani Lamulungu kuti sanena ndi pakamwa. Munati mwamva." Sanakweze mawu, koma misozi inali ikutsika. "Mtsuko uwu unawoloka Ruo osasweka. Mayi anga anagwa nawo kawiri m'njira, osasweka. Wadzaswekera m'nyumba ya mwamuna amene amati andisunga."

Anamanga nsalu yake n'kupita. Jonas anakulunga chingwe chake mwakachetechete, n'kunena kuti pepani achimwene, ngozi siinunkha.

Mukuganiza kuti a Malizani anaphunzirapo? Anaphunzira theka linanso lolakwika. Anati cholakwa chachitika, koma tchete akagwetsa amamanga, ndipo mkazi akaona chobiriwira mtima umabwerera. Unali mwezi wa Disembala. Udzu wofolera anthu amamweta chilimwe, wouma, ndipo nthawi imeneyo panalibe ndi mtolo umodzi womwe pa esiteti yonse umene mwiniwake akanaupereka. Iwo anati zili bwino, n'zimene ndikufuna. Anaimika nsichi mvula ikuwakhuthukira, anamata dothi losauma, n'kufolera ndi nsenjere zauwisi za kumtsinje, zomwezo za atchete. Masiku anayi oyamba nyumbayo inali yobiriwira mochititsa kaso, ndipo anthu ankachoka ku mizere ya kutali ya nyumba za antchito kudzaiona ndi kudzaseka. A Malizani ankaima pakhomo madzulo aliwonse, chikhothi chochapa, akuyang'ana njira ya ku kasupe. Chimene sanachite ndi kulendewera chadodolido basi.

Alesi anadutsa tsiku lachisanu ndi chinayi, atasenza madzi m'mtsuko wobwereka. Dengalo linali litayamba kutentha lokha m'kati, kuchita nkhungu, kununkha ngati khola. Anaima, anakoka udzu umodzi, unabwera ndi anzake khumi, oterera.

"A Malizani," anatero mwaulemu, "ine ndine munthu. Ndimagona m'nyumba youma."

Mvula itatha anakwatiwa ndi Jonas. Nyumba ya Jonas inali yakale, yakuda ndi utsi, yomangira mkazi wina amene anamwalira, ndipo Jonas sanatchulepo kumene malemuyo ankaika mitsuko. Kaya Alesi anadzadziwa za chingwe chija ndi zimene mwamuna wake anaona pa njira ya kudambo, ine sindikudziwa. Amayi a ku kasupe ankadziwa, ndipo chimene amayi a ku kasupe akudziwa sichikhala chinsinsi nthawi yaitali. Koma anakhala, anabereka ana anayi, ndipo ntchito yothirira anaisiya.

A Malizani anamweta udzu chilimwe chotsatira n'kufolera bwino ngati munthu, ndipo nyumbayo anagonamo okha mpaka imfa. Sanafunsirenso. Ku nazale anakhalako zaka zina khumi ndi zinayi, ndipo tiyi wambiri wa m'mapiri onse aja anadutsa m'manja mwawo ali kambande. Pakamwa sipanathe, ayi, munthu sasintha chotero. Anyamata atsopano akanena kuti tchete wamkazi ndiye amagwetsa zisa, ankawakalipira ngati atukwana, n'kuwakhazika pa mwala uja mpaka aone okha. Pa nkhani ya atchete panalibenso wowaposa m'boma lonse la Thyolo, ndipo ulendo uno zimene ankanena zinali zoona.

Koma panali chizolowezi chimodzi chimene sankachilongosolera munthu. M'mawa uliwonse wa dzinja, asanasese, ankatola chisa chogwa chilichonse n'kulowetsa chala pakhomo pake, kufufuza m'kati. Zambiri zinali zopanda kanthu, udzu wokhawokha wa mwamuna. Zina zinali zoyalidwa, koma zoyalazo zitaphwanyika, zodetsedwa ndi ana amene anakula n'kuuluka kale. Ankafuna chimodzi chokha chimene wamkazi anangoyala kumene, ngayaye zikadali zofewa, mwamuna n'kuchigwetsa. Chimodzi chokha, kuti adziwe kuti sali okha.

Zaka khumi ndi zinayi akupisa chala, sanachipeze. Kambalame ka mutu ngati nsawawa kamayamba kasuzumira m'kati kasanagwetse chisa.